Dzina la Eni Hatchi Yotuwa

Ishenbek anakhala zaka makumi awiri ndi zisanu akujambula maukwati a m'chigwa cha Kosh-Bulak, ndipo pa zaka zonsezo sanadulepo munthu ndi mmodzi yemwe. Kanema wa ukwati kuno amatenga maola anayi, nthawi zina asanu. Mlendo aliyense woimirira kudalitsa akwati amafuna adzadzione kuyambira pomwe anakhosomola mpaka pomwe anakhala pansi. Ukangochotsa amalume a mkwati chifukwa choti anabwereza mawu, mtundu umenewo sudzakuitananso. Ishenbek ankadziwa zimenezi, choncho ankangoimika kamera nkuisiya kuti imeze zonse.

Kenaka kunabwera anyamata a ku tauni ya Naryn ndi timakamera touluka, maukwati nkuwatsatira. Ishenbek sanadandaule pagulu. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woti ukamuyamikira amayang'ana nsapato zake. Anapeza ntchito ku laibulale ya m'mudzi, yosamala kompyuta ndi kukoleza mbaula m'nyengo yozizira, ndipo kamera yake inagona m'kabati zaka zitatu.

Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, a laibulale ya boma laling'ono anaitana munthu mmodzi m'mudzi uliwonse ku maphunziro a masiku atatu. Ankafuna kuti mudzi uliwonse ujambule wachikulire mmodzi akusimba za moyo wake. Zojambula zonse zisungidwe mu laibulale osachotsapo kanthu, koma papangidwenso kanema wamfupi, wosapyola mphindi zisanu ndi ziwiri, woti adzaonetsedwe m'holo ya m'mudzi pa tsiku la achikulire, pa 1 Okutobala. Mphunzitsi wake anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wake. Ishenbek analemba malamulo ake onse m'kope, mwa zilembo zaudongo.

Wachikulire woti amujambule sanachite kumufunafuna. A Burulkan, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu, ananyamula makalata pa hatchi zaka makumi atatu ndi chimodzi, kuchokera ku positi ya m'mudzi kukafika ku misasa ya abusa kumapiri. Makalata a bambo ake a Ishenbek ochokera ku usilikali anabwera m'chikwama chawo.

Anawajambula m'nyumba mwawo, atakhala pafupi ndi zenera kuti kuwala kugwe pankhope. Anazimitsa firiji kuti isamveke, nkuwamangirira kamaikolofoni pa chovala.

“Kachilombo kameneka kaluma?” anafunsa a Burulkan.

“Sikaluma, amayi. Kamangomvetsera.”

“Ndiye kaposa ana anga.”

Analankhula maola atatu ndi mphindi makumi anayi. Ishenbek anafunsa mafunso asanu ndi limodzi okha.

Ntchito yeniyeni inayamba atabwerera ku laibulale. Anamvetsera zonse ndi kulemba liwu lililonse, pambali nkumaika ola ndi mphindi pamene lanenedwa. Zinamutengera masiku khumi ndi limodzi, ndipo panatuluka masamba makumi asanu ndi limodzi. Anawasindikiza, nkupita nawo kunyumba ndi pensulo yofiira, kuti azunguze zoyenera kulowa. Pofika tsiku lachitatu anali atazunguza masamba makumi asanu.

Mkazi wake, Kalicha, anamuikira tiyi wamkaka pambali, nkusuzumira.

“Bambo a Meerim, mwachotsapo chiyani?”

“Pamene anatuluka kukathamangitsa nkhuku.”

“Mwalimba mtima ndithu. Nkhukuzo zikamva zidzakwiya.”

Ishenbek sanaseke. Tsamba lililonse linali ndi kanthu. Panali nkhani ya chimphepo cha chipale chimene chinawatsekera m'khola la nkhosa masiku awiri. Panali ya mnyamata wina wamanyazi amene ankawapatsa makalata achikondi opanda sitampa, opita msasa woyandikana nawo. Panali ya matelegalamu a maliro, amene sankawapereka kwa mwini wake koma kwa akuluakulu a pamsasa, kuti akanene iwo mwa mwambo wake. Kuchotsa imodzi kunali ngati kubweza mlendo pakhomo.

Anabwerera ku kope lake. Mphunzitsi uja ananena kuti kanema wamfupi amanyamula nkhani imodzi, zinazo zili bwino kumene zasungidwa. Ishenbek anawerenganso masamba aja akufunsa kuti a Burulkan ankabwerera kuti akasochera m'nkhani zawo. Anapeza kuti ankabwerera kwa munthu mmodzi: apongozi awo aamuna. Iwowo ndiwo anali onyamula makalata poyamba. Mu 1961 hatchi inawagwetsa pa madzi oundana, mwendo nkuthyoka osalunganso bwino. Ana awo aamuna onse anali ndi nkhosa za famu ya boma kumapiri. Mdalayo anaitana mtengwa wake, Burulkan, wa zaka makumi awiri ndi zitatu, amene sankayenera ngakhale kumuyang'ana m'maso, nkumupatsa chikwama ndi zingwe za hatchi anthu akuona. Mudzi unalankhula chaka chathunthu. Iye sanabweze mawu.

Nkhani inali imeneyo. Ishenbek anadula, mtima ukuwawa, mpaka zinatsala mphindi zisanu ndi chimodzi ndi masekondi makumi asanu.

Podula mawu a munthu pakati, mutu wake umadumpha pa kanema, ndipo woonera amadziwa kuti pachotsedwa kanthu. Pamalo otero amaphimbapo ndi chithunzi, liwu nkumapitirira pansi pake. A Burulkan anamubwereka bokosi la malata la maswiti lodzaza zithunzi, atamulumbiritsa kuti abweza zonse. Anazipukuta ndi kansalu kofewa nkuzilowetsa m'kompyuta ndi sikana ya ku laibulale, pa mlingo waukulu, kuti akamayandikiza nkhope pang'onopang'ono zisaphwanyike. Chilichonse anachijambula kumaso ndi kumbuyo komwe, monga anaphunzitsidwira, poti kumbuyo nkumene anthu ankalemba zaka. Chabwino koposa chinali cha mdala wa chipewa chachitali, atatsamira ndodo, akupereka zingwe za hatchi yotuwa kwa mtsikana woyang'ana pansi.

Anatsala mawu a m'munsi, olembedwa pansi pa kanema kuti woonera aziwerenga zimene munthu akunena. Anali ofunika, chifukwa liwu la a Burulkan linali litachepa, zokuzira mawu za m'holo zinali zosasa, ndipo adzukulu a ku Moscow akanadzaonera pa foni m'basi, ataitseka pakamwa. Lamulo lake linali lakuti mizere isapyole iwiri, mzere usatalike kupyola zilembo makumi anayi, ndipo mawu akhalitse mokwanira kuti munthu wowerenga pang'onopang'ono amalize. Lamulo lina linali lakuti mlendo wosadziwa mudzi amve nkhani yonse.

Apa ndi pamene Ishenbek anapunthwa. A Burulkan, monga mtengwa aliyense woleredwa bwino, sanatchulepo dzina la apongozi awo. Ankawatcha Eni Hatchi Yotuwa. M'mphindi zisanu ndi ziwirizo ananena mawuwa kasanu ndi kanayi, ndipo ankadya malo pa mzere. Komanso mlendo akanadziwa bwanji kuti akunena yani? Dzina la mdalayo mudzi wonse unkalidziwa, lilinso pa mwala kumanda. Ishenbek anafufuta Eni Hatchi Yotuwa paliponse nkulembapo Toktosun. Mizere inafupika, inaoneka bwino. Mwambowo ankaudziwa, poti Kalicha anali asanatchulepo dzina la bambo ake pa zaka makumi atatu za ukwati. Kungoti iye ankaona ngati mwambo uli pakamwa, osati pa zilembo.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri, ananyamula kompyuta kupita kwa a Burulkan. Pepala lovomera anali atasaina kale, koma mphunzitsi ananenetsa kuti wachikulire aone kanema wake anthu ena asanaone, ndipo akakana, wakana. Kalicha anamuperekeza ndi mbale ya timandasi.

Anamwa tiyi kaye. Kenaka a Burulkan anavala magalasi, nkukhala mowongoka ngati ali pa chishalo.

Nkhope yawo itatuluka anaseka. “Gogo ameneyu ndi wa kuti? Bwanji simunamuuze akonze duku?”

Mawu a m'munsi atayamba, anayamba kuwawerenga mokweza. Chinali chizolowezi cha ntchito. Okalamba ambiri a kumapiri sankatha kuwerenga, ndipo kwa zaka makumi atatu a Burulkan ankawawerengera makalata pakhomo pa hema, moti chilembo chilichonse chodutsa pamaso pawo chinkatulukira pakamwa chokha. Ankawerenga bwino, mothamanga, kupitirira liwu lawo lomwe la mu kanema.

“Tsiku limenelo ndinali kukama ng'ombe, ndipo anandiitana a Tok...”

Anadzigwira pakamwa ndi dzanja. Kalicha anatsitsa kapu pang'onopang'ono. Pa kanema gogo uja anapitiriza kulankhula, dzina lili m'munsi mwa chibwano chake, loyera, la zilembo zazikulu.

“Imitsa,” anatero a Burulkan.

Ishenbek anaimitsa.

“Ndinanena zimenezi ine?”

“Ayi, amayi. Ndinalemba kuti alendo amve.”

“Alendo.” Anavula magalasi nkuwapinda. “Mwananga, ndinalowa m'nyumba ino ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Makalata awo ndinkanyamula ndine. Dzina lili pa envulopu, ine ndikuliona, ndinkangopereka ndi manja awiri. Tsiku lina wapolisi anandiimitsa pa mlatho, akuti apongozi ako ndani. Ndinamuuza kuti akwere hatchi tikawafunse. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi chimodzi lilime langa silinaterereke. Lero iwe wandimwetsa dzinalo ndi supuni, pakhomo panga, tiyi wanga uli m'mimba.”

“Pepani, amayi.”

“Loweruka atengwa onse a mudzi uno adzakhala m'holo. Ena ndinawakalipirapo ndekha pa nkhani yomweyi. Adzaone Burulkan akutchula apongozi ake mobwerezabwereza ngati akuitana mwana wa mbuzi? Kanema wako ndi wokongola. Katsekere m'kabati.”

Sanakwiye mokweza. Anamuthiriranso tiyi, ndipo zimenezo zinamupweteka Ishenbek koposa.

Anauyamba ulendo wobwerera kwawo, kompyuta ili kukhwapa. Kalicha anadikira mpaka atadutsa sitolo.

“Mukanandionetsa ine poyamba.”

“Ndimafuna mudzaone zitatha.”

“Zathadi.”

“Ndibwezeramo mawu awo, zimenezo nzosavuta. Koma ndiye dzina la mdala uja silimveka paliponse. Kanema yense ndi wa iye. Adzukulu a ku Moscow adzadziwa hatchi, osadziwa mwini wake.”

“Ndiye mupeze wina woti alitchule. Kodi m'banja monse muja munalibe wa pakamwa pololedwa?”

Lachisanu m'mawa Ishenbek anakoleza mbaula ya ku laibulale nkutsegula kope lake. Lamulo limene analiphwanya linali pa tsamba loyamba, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe, atalidula mzere kunsi: usalembe m'munsi chimene munthu sananene. Anabwezera Eni Hatchi Yotuwa malo onse asanu ndi anayi. Mizere ina inatalika, choncho anaigawa pawiri nkusuntha nthawi yake kuti igwirizane ndi milomo. Kenaka anaganiza zolemba yekha dzinalo pakona pa chithunzi, mwa zilembo za mtundu wina, monga amalembera malo ndi chaka. Zikanatheka. Koma liwu la a Burulkan likanakhala likumveka pansi pake, ndipo iwo, ndi chizolowezi chawo chija, akanaliwerenga.

Anatsegula zithunzi zija kufuna chaka chenicheni cha chithunzi cha hatchi. Pa mwezi wonsewo anali asanayang'anitsitse zakumbuyo, poti maso ake anali pa nkhope. Kumbuyo kwa chithunzicho kunali mawu a inki yofiirira, opendekera, a munthu wozolowera chikwapu kuposa cholembera: “Bambo anga Toktosun akupereka hatchi kwa mayi a m'nyumba mwanga. Meyi 1961. Wolemba ndine Abdyrasul.” Anali malemu amuna awo a Burulkan.

Ishenbek anakhala kanthawi akuyang'ana. Kenaka anapeza malo pamene a Burulkan, atangonena koyamba kuti Eni Hatchi Yotuwa, anapuma kuti amwe tiyi. Anali atadulapo kupumako kuti asunge nthawi. Anakubwezera. Pa masekondi asanu ndi awiri amenewo anaika chithunzi chakumaso, kenaka chakumbuyo, popanda liwu, popanda mawu a m'munsi, dzanja la Abdyrasul lokha litadzaza kanema yense. Nthawi yonse inakwana mphindi zisanu ndi chimodzi ndi masekondi makumi asanu ndi asanu ndi awiri. Anatulutsa kanema watsopano, nkumuonera kawiri kuyambira poyamba, akuwerenga mzere uliwonse ndi chala.

Masana anabwerera kwa a Burulkan. Anawapeza panja akusankha ubweya.

“Wabweranso ndi supuni yako?”

“Ndabwera ndi kalata, amayi. Koma ndikuchenjezeni. Ndikakweza dzanja, mutseke pakamwa. Maso okha.”

“Ukundilamula m'nyumba mwanga?”

“Kamodzi kokha.”

Analowa. Anawerenga mokweza monga kale, ndipo atafika pa Eni Hatchi Yotuwa anagwedeza mutu. Ishenbek anakweza dzanja. Inki yofiirira ija inatuluka. A Burulkan anasendera pafupi, milomo ili yotseka zolimba, maso akuyenda pa mzere. Atamaliza anabwerera poyamba.

“Bwezera pamenepo.”

Anabwezera katatu.

“Dzanja loipa ngati mapazi a khwangwala,” anatero potsiriza, akupukuta magalasi ndi nsonga ya duku. “Ankandilembera makalata ali kumapiri, ine ndemwe nkunyamula, ine ndemwe nkudzipatsa. Sindinkadziwa kuti analemba kumbuyo kumeneku. Ndani amatembenuza chithunzi?” Anavalanso magalasiwo. “Mwana ali ndi ufulu wotchula bambo ake. Ine sindinanene kanthu. Waona kuti sindinanene kanthu?”

“Ndaona, amayi.”

“Nanga ya chimphepo cha chipale ili kuti? Ya mnyamata wa makalata opanda sitampa?”

“Zili ku laibulale, zonse, maola atatu ndi mphindi makumi anayi. Wofuna adzamvera.”

“Ya mnyamatayo wachita bwino. Ali moyo, ndipo mkazi anamukwatirayo si yemwe ankamulembera.” Anatseka kompyuta okha ndi chikhatho. “Kaonetse.”

Loweruka holo inadzaza dzuwa lisanapendeke. Abusa anali atatsika kumapiri sabata yomweyo, ndipo m'holo munkanunkha ubweya ndi utsi. Anatchinga mazenera ndi mabulangete. A Burulkan anawakhazika kutsogolo, atavala duku loyera latsopano, atengwa a m'banja lawo atawazungulira. Ishenbek anaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, dzanja lili pa waya wa zokuzira mawu umene unkakonda kuthawa.

Anthu a kuno saonera kanema mwakachetechete. Anawerenga mawu a m'munsi onse pamodzi ngati ana a sukulu. Ankatchula mayina a mapiri akaoneka, ndipo mdala wina anaimirira kuloza hema wa bambo ake mpaka anamukoka malaya. Chithunzi chitatembenuka, amuna onse anawerenga mokweza, “Bambo anga Toktosun,” koma mbali ya kutsogolo, kumene kunali atengwa, kunangoti zii. Akazi khumi ndi awiri, ena a mafoni m'manja ndi tsitsi lopaka utoto, anatseka milomo nthawi imodzi, a Burulkan ali pakati pawo akuyang'ana denga. Holo inaona, ndipo inaphulika ndi kuseka. Anaombera m'manja mpaka mawu otsatira sanamveke, ndipo anakakamiza Ishenbek kuti ayambirenso. Anaonetsa kanemayo katatu.

Atayatsa magetsi, anthu anayamba kumufunafuna kuti amugwire chanza. Iye anali atagwada kuseri kwa tebulo, akukulunga mawaya amene anali okulungakulunga kale. A Burulkan anamupeza komweko, atatsamira ndodo.

“Dzuka, anthu akuyamike.”

“Analemba ndi a Abdyrasul, amayi. Ine ndinangotembenuza.”

“Ndiye tembenuzanso. Bokosi langa lija lili ndi zithunzi makumi asanu ndi atatu, ndipo sindikudziwa zimene munthu uja analemba kumbuyo kwa zinazo. Ubwere nalo Lolemba. Uzidzawerenga ndiwe, ine ndizidzamvetsera, kuopa ngozi.”

Lolemba Ishenbek anatseka laibulale masana, nkunyamula bokosi la malata lija. Anatenganso kamera, ndi kachilombo kosaluma kaja.